Malipiro a antchito atatu m'golosale ya pa Chikangawa: mafunso ndi mayankho

Pa Chikangawa, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Mzuzu, malonda a golosale amayendera nkhalango ya Viphya. Ogwira ntchito ku fakitale ya Raiply akalandira, kapena ocheka matabwa akagulitsa katundu wawo, shopu imadzaza mpaka mdima. Pakati pa mwezi kumangokhala zii, nkhungu yokhayokha. Antchito a m'shopu nawo maola awo amatsatira kayendedwe komweko: sabata ina amaweruka mochedwa, sabata ina amapempha adivansi, ina amapita kumudzi. Pofika pa 30, mwini shopu amakhala ndi kope lodzaza manambala koma osadziwa poyambira.

Tiyerekeze golosale ya antchito atatu m'mwezi wa Okutobala 2025. Pali mayi wa pa kaunta, wolandira K182,000 pa mwezi, amene wagwira zaka ziwiri. Pali mnyamata wonyamula ndi kulongedza katundu, wolandira K156,000. Awiriwa amagwira maola 8 pa tsiku, Lolemba mpaka Loweruka. Wachitatu ndi mtsikana wothandiza madzulo okha, maola 4 pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, pa K750 ola limodzi, ndipo wangotha miyezi 7 chiyambireni ntchito. Anthuwa ndi manambalawa ndi ongoyerekezera, koma malamulo ake ndi a m'lamulo la zolemba anthu ntchito la chaka cha 2000, lomwe limakhudza golosale yaing'ono monga momwe limakhudzira kampani yaikulu.

Ndiyambire pati? Mwezi ukatha ndimangochotsa zomwe munthu anatenga n'kumupatsa zotsala.

Vuto lagona pomwepo, pa kuyamba ndi kuchotsa. Masamu a malipiro ali ndi mbali ziwiri, ndipo sizisakanizidwa. Mbali yoyamba ndi yofunsa kuti munthuyu wagwirira ndalama zingati mwezi uno: malipiro ake okhazikika, kuphatikiza ovataimu, kupatula masiku omwe anajomba popanda chilolezo. Mukapeza nambala imeneyo muilembe ndi kuidula mzere kunsi. Mbali yachiwiri ndi yofunsa kuti pa ndalama zimenezo, n'ziti zomwe sizifika m'manja mwake pa tsiku lolandira: msonkho, penshoni, adivansi, katundu wa ngongole. Nambala yoyamba ija ndi yomwe imakuuzani ngati munthu wafika pa msonkho, ndiponso malire a zomwe mungamuchotsere. Mukayamba ndi kuchotsa adivansi, nambalayo simuiona n'komwe, ndiye zonse zotsatira zimakhota.

Malipiro a tsiku limodzi ndiwapeze bwanji, pogawa ndi 30 kapena 26?

Kwa munthu wogwira masiku 6 pa sabata, gawani ndi 26. Nambalayi sinagwe kumwamba. Chaka chili ndi masabata 52. Kuchulukitsa ndi masiku 6 kumapereka masiku 312, ndipo mukawagawa pa miyezi 12 mupeza 26. Boma lenilenilo limawerengera choncho polengeza malipiro otsikitsitsa: K90,000 ya mu 2024 inali K3,461.54 pa tsiku, yomwe ndi K90,000 yogawidwa ndi 26. Mukapeza za tsiku, gawaninso ndi maola 8 kuti mupeze za ola limodzi. Mayi wa pa kaunta ndiye kuti tsiku lake ndi K7,000, ola lake ndi K875. Mnyamata uja tsiku lake ndi K6,000, ola lake ndi K750.

Tsono taonani zomwe 30 amachita. K156,000 yogawidwa ndi 30 ndi K5,200 pa tsiku, K650 pa ola. Mnyamatayo akajomba, nambala yaing'onoyi imamukomera, koma akagwira ovataimu imamubera K100 pa ola lililonse musanachulukitse n'komwe. Alipo eni mashopu ena ochenjera molakwika, amene pochotsa masiku ojomba amagawa ndi 26, koma polipira ovataimu amagawa ndi 30. Wantchito sachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo ku ofesi ya zantchito n'zovuta kuzifotokoza. Nambala ikhale imodzi ku mbali zonse.

Funso lotsatira limabwera lokha: nanga Okutobala 2025, amene ali ndi masiku 27 mukachotsa ma Lamulungu anayi? Musasinthe kanthu. Wolandira pa mwezi amalandira ndalama zomwezo m'mwezi wa masiku 27 ndi m'mwezi wa Febuluwale wa masiku 24. Nambala ya 26 ndi yapakatikati, ndipo chaka chikatha zimakwanirana.

Malipiro otsikitsitsa ndi angati? Ndimamva kuti lamulo limenelo ndi la m'tauni.

Kale kunalidi milingo iwiri, wa m'mizinda ndi wa kumidzi, koma masiku ano boma limalengeza mulingo umodzi wa dziko lonse, kaya shopu ili ku Limbe kaya ili pa Chikangawa. Mulingowo unali K50,000 pa mwezi kuyambira mu Januwale 2021, unakwera kufika pa K90,000 mu Febuluwale 2024, kenaka K126,000 mu Juni 2025. Kupatula mulingo wa onsewu, chidziwitso cha boma chimakhalanso ndi milingo yapadera ya magulu ena, monga ogwira ntchito m'nyumba, oyendetsa mathiraki ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Musadzisankhire nokha gulu lotsika mtengo. Mukapita ku boma ku Mzimba kapena kukapikula katundu ku Mzuzu, lowani mu ofesi ya zantchito, muwauze mtundu wa bizinesi yanu ndi chiwerengero cha antchito, akuuzeni mulingo watsopano wa gulu lanu. Manambalawa amasintha pafupipafupi, ndipo mawu akuti "tinagwirizana" sapulumutsa munthu: wantchito ngakhale atavomera malipiro ochepera mulingo wa boma, mgwirizano umenewo sugwira ntchito pa lamulo.

Wogwira theka la tsiku samulipira mulingo wonse wa pa mwezi ayi, koma ola lake lisatsike kuposa ola la mulingowo. Pa K126,000, tsiku ndi pafupifupi K4,846, ola ndi pafupifupi K606. K750 ya mtsikana uja ili pamwamba.

Shopu yanga imatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo. Ovataimu imayamba pati?

Lamulo limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku 6 maola ake okhazikika sapitirira 8 pa tsiku. Limafunanso kuti munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu. Shopu yotsegula maola 12 ndiye kuti singaimiridwe ndi munthu mmodzi kuyambira kotsegula mpaka kotseka pa malipiro a mwezi okha. Njira yotsika mtengo ndi kusinthanitsa nthawi: mayi alowe 7 koloko, apume ola limodzi masana, aweruke 4 koloko, mnyamata alowe 10 koloko, apume ola lake, atseke 7 koloko, mtsikana abwere 3 koloko pomwe anthu ayamba kuweruka ku ntchito. Nthawi zimenezi zilembedwe m'kalata ya ntchito ya aliyense, m'chilankhulo chomwe amamva bwino, kaya Chitumbuka kaya Chichewa, chifukwa ovataimu imayambira pomwe maola olembedwawo athera.

Ovataimu ili m'mitundu itatu. Maola owonjezera pa tsiku la ntchito amalipidwa ola limodzi ndi theka. Maola ogwira pa tsiku lake lopuma amalipidwa kawiri. Maola ogwira pa holide ya boma amalipidwanso kawiri. Iyi ndi milingo yotsikitsitsa. Kupitirira mungathe, kutsika ayi.

Mayi wa pa kaunta m'mwezi wathuwu anatsalira maola 8 onse pamodzi: maola awiriawiri pa masiku atatu a kumapeto kwa mwezi pomwe anthu analandira, ndi ena awiri pa tsiku lowerenga katundu. K875 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi K1,312.50, kuchulukitsanso ndi 8 ndi K10,500. Mnyamata anaitanidwa Lamulungu pa 12 kudzatsitsa katundu m'lole yochokera ku Mzuzu, maola 4: K750 kawiri ndi K1,500, kuchulukitsa ndi 4 ndi K6,000. Anagwiranso tsiku lonse pa 15, Tsiku la Anakubala, lomwe chaka chimenecho linagwa Lachitatu: K1,500 kuchulukitsa ndi 8 ndi K12,000.

Pa holide pamakhala mkangano. Mabwana ena amati tsikulo lili kale m'malipiro a mwezi, ndiye amangowonjezera K6,000 kuti zikwane kawiri. Ine ndimawerengera K12,000 yonse pamwamba pa malipiro a mwezi, pa chifukwa chakuti malipiro a mweziwo mnyamatayo akanalandirabe ngakhale akanagona kunyumba tsiku limenelo. Ngati malonda a pa holide sangabweze K12,000, imani nokha pa kaunta.

Nanga wolipidwa pa ola uja, masamu ake ndi otani?

Iye sitimugawira ndi 26, timangowerenga masiku enieni. Tsiku lake ndi maola 4 pa K750, yomwe ndi K3,000. Okutobala 2025 anali ndi masiku 23 a Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye akanabwera onse akanalandira K69,000. Mwa masiku amenewa, limodzi ndi holide ya pa 15 ija. Sanagwire, koma inagwa pa tsiku lake la ntchito, choncho K3,000 yake isachotsedwe. Anadwala masiku awiri, nkhani yomwe tiione pansipa. Pakadali pano tiwerenge masiku 20 omwe anagwira ndi holide imodzi: 21 kuchulukitsa ndi K3,000 ndi K63,000.

Tsiku lina munamupempha kuti afike 1 koloko m'malo mwa 3 koloko. Ambiri amaganiza kuti poti sanafike maola 8, maola awiri owonjezerawo ndi wamba. Koma lamulo limayeza ovataimu poona maola omwe munthuyo amagwira nthawi zonse, ndipo ake ndi 4. Choncho maola awiriwo ndi K1,125 lililonse, pamodzi K2,250. Zonse zomwe wagwirira ndi K65,250.

Munthu akapita ku livi ndimuchotsere masikuwo?

Ayi. Ichi ndi chikhulupiriro chofala kwambiri m'mashopu, chakuti livi ndi chilolezo chongopita koma ndalama palibe. Livi ya pa chaka ndi yolipidwa mokwanira. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku a ntchito 18 pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Mawu akuti masiku a ntchito ndi ofunika: Lamulungu ndi holide zikagwa mkati mwa livi siziwerengedwa. Mayi wa pa kaunta anatenga masiku atatu, pa 20 mpaka pa 22, kukakonza munda kwawo mvula isanagwe. Pa malipiro ake palibe chosintha, akadali K182,000. Chosintha chili m'tsamba la livi: anali ndi 18, atsala ndi 15.

Livi imakula mwezi ndi mwezi. Masiku 18 ogawidwa pa miyezi 12 ndi tsiku limodzi ndi theka pa mwezi; masiku 15 ndi tsiku limodzi ndi kota. Mtsikana wa miyezi 7 uja ndiye kuti wasunga kale masiku 8.75. Nthawi yopitira ku livi amasankha ndi mwini shopu atakambirana ndi wantchito, choncho muli ndi ufulu wokana kuti munthu achoke sabata yolandira anthu n'kumupatsa sabata yapakati pa mwezi. Ufulu womwe mulibe ndi wongokhala chete zaka zitatu munthu osapuma. Masikuwo sasungunuka okha, ndipo tsiku losiyana naye adzakhala ngongole yanu ya ndalama.

Kujomba ndi nkhani ina. Mnyamata uja sanaoneke pa 27 ndi pa 28, sanatsanzike, ndipo atabwera analibe chifukwa chomveka. Masiku amenewo lamulo limalola kusamulipira: K6,000 kawiri ndi K12,000. Koma chotsani masiku awiriwo okha. Kuchotsa anayi "kuti aphunzire" ndi chindapusa, ndipo bwana saloledwa kulipiritsa wantchito chindapusa. Masamu ake tsopano ali motere: K156,000 kuchotsa K12,000 ndi K144,000, kuphatikiza K6,000 ya Lamulungu ndi K12,000 ya holide, zonse ndi K162,000.

Nanga matenda, uchembere ndi maliro?

Wantchito amene watha miyezi 12 akugwira mosalekeza ali ndi masabata anayi a matenda olipidwa mokwanira ndi masabata ena 8 olipidwa theka pa chaka, malinga abweretse chikalata cha kuchipatala. Mayi wa pa kaunta akanadwala masiku awiri, simukanachotsa kanthu, ndipo masikuwo sakanachoka pa livi yake. Mtsikana uja sanakwanitse chaka, n'chifukwa chake masiku ake awiri sitinawaike m'masamu. Lamulo silikukakamizani pamenepo, komanso silikuletsani. K6,000 kwa munthu amene wabwera ndi buku la kuchipatala m'manja, m'dera lozizira ngati la Chikangawa momwe chifuwa sichisowa, ine ndikanapereka. Koma mukapereka kwa mmodzi, mudzapereke kwa onse.

Tchuthi cha uchembere ndi masabata osachepera 8 olipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2021 kunawonjezera masabata awiri a abambo, nakonso kamodzi pa zaka zitatu. Kwa golosale yaing'ono izi zikutanthauza miyezi iwiri yolipira anthu awiri pa kaunta imodzi, ndiye mukangomva nkhaniyo yambani kupatula ndalama.

Za maliro gwirizanani ntchito isanayambe: masiku angati kwa kholo, mwana kapena mkazi, ndipo opitirira pamenepo achoke pa livi. Maliro a ku Embangweni kapena ku Euthini sathera tsiku limodzi, ndipo kukambirana za ndalama munthu ali ndi chisoni kumangodanitsa.

Adivansi ndingaichotse yonse pakamodzi?

Zimatengera kukula kwake. Adivansi, ngongole ndi katundu yemwe wantchito watenga m'shopu mwanu zimachotsedwa ngati iye anavomera molemba, ndipo zonse pamodzi zisapitirire theka la malipiro ake. Mfundo ziwirizi, kulemba ndi theka, ndi zomwe zimagwetsa eni mashopu ambiri.

Kwa mayi wa pa kaunta palibe chovuta. Wagwirira K182,000 ndi K10,500, zonse K192,500, ndipo anatenga adivansi ya K40,000 pa 14. Ili kutali ndi theka, ichotsedwe yonse. Mtsikana anatenga K10,000 pa K65,250 yake, nayonso ichoke yonse, atsale ndi K55,250.

Kwa mnyamata ndiye pali mutu. Kumayambiriro kwa mwezi munamubwereka K150,000 yogulira feteleza, mutagwirizana kuti azibweza K50,000 pa mwezi. Pakati pa mwezi anatenga adivansi ya K30,000. M'kope la ngongole muli shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mayunitsi za K18,500. Zonse pamodzi ndi K98,500, pomwe theka la K162,000 ndi K81,000. Simungachotse zonse. Chotsani adivansi ndi katundu, zomwe ndi K48,500, ndipo pa ngongole ya feteleza mutengepo K32,500 yokha kuti zikwane K81,000. Mnyamatayo apite kwawo ndi K81,000, ndipo m'kope mulembe kuti ngongole yatsala K117,500.

Zikuoneka ngati lamulo likukupanikizani inu, koma taganizani zomwe zimachitika mukachotsa zonse. Munthu atsala ndi K63,500, pa 5 abweranso kudzapempha adivansi, ndipo mwezi wotsatira dzenje likhala lakuya kuposa. Wantchito amene amalandira envulopu yopanda kanthu miyezi itatu yotsatizana amayamba kuona ngati akugwira ulere, ndipo pamenepo ndi pomwe shoteji imayambira, kapena m'mawa wina mumangomva kuti wapita kukanyamula matabwa ku macheka. Malire a theka aja muziwaona pa tsiku lopereka ndalama, osati pa tsiku lochotsa. Munthu amene ali kale ndi ngongole ya K50,000 pa mwezi, adivansi ndi katundu zake zisapitirire K28,000, chifukwa theka la K156,000 ndi K78,000.

Adivansi iliyonse ilembedwe pa mzere wake: tsiku, ndalama, siginecha. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wa pa foni ndi umboni wakuti ndalama zinapita, koma sunena kuti zinali za chiyani, choncho asainebe m'kope akabwera. Ndipo musaike chiwongola dzanja pa adivansi. Ndi ndalama zake zomwe, wangozilandira msanga. Mukaikapo phindu mwasanduka wa katapila.

M'kabati mukapezeka shoteji, ndingachotse pa malipiro?

Lamulo limalola kuchotsa mtengo wa katundu yemwe wantchito wawononga, koma sililola chindapusa, ndipo chilango chilichonse chiyenera kukhala choyenera ndi chachilungamo. Ndiye musanakhudze malipiro a munthu, dzifunseni ngati mungasonyeze kuti ndalamazo zinasowa m'manja mwa iyeyo. M'magolosale ambiri kabati imodzi imatsegulidwa ndi anthu anayi: antchito, mwini wake, ndi mwana wa mwini wake akaweruka ku sukulu. Pamenepo kugawa shoteji pakati pa antchito atatu ndi kulanga awiri osalakwa. Konzani kaye kagwiridwe kake: ndalama ziwerengedwe ndi kusainidwa pomwe mayi akupereka kabati kwa mnyamata 4 koloko, ndipo inu mukatengamo kanthu muzilemba. Zikatero shoteji imakhala ndi mwini. Mumve mbali yake, mulembe zomwe mwagwirizana, ndipo pochotsa musadutse theka lija.

Kagolosale ngati kanga kakukhudzidwa ndi msonkho ndi penshoni?

Msonkho wa pa malipiro, PAYE, suyang'ana kukula kwa shopu, umayang'ana zomwe munthu wagwirira pa mwezi, ovataimu yomwe. M'chitsanzo chathuchi tingoyerekeza kuti K170,000 yoyamba ilibe msonkho, ndipo ndalama zotsatira pamwamba pake zimadulidwa 25 pa 100 iliyonse. Mayi wa pa kaunta wapitirira ndi K22,500, choncho msonkho wake ndi K5,625. Pa K192,500 tichotse msonkhowo ndi adivansi ya K40,000, atsala ndi K146,875. Onani kuti msonkho tawerengera pa K192,500, osati pa zotsala adivansi itachoka. Mnyamata ali pa K162,000, sanafike. Koma akanapanda kujomba akanafika K174,000, ndipo K1,000 ikanapita ku msonkho, ngakhale malipiro ake okhazikika ali pansi pa malire. N'chifukwa chake mzere uja tinadula poyamba muziuyang'ana mwezi uliwonse kwa aliyense. Ndalama zomwe mwadula si zanu: zifike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Malire ndi milingo ya msonkho zimasintha ndi bajeti ya boma, ndiye muzitenga tebulo latsopano ku MRA.

Penshoni nayo ndi ya lamulo, kuyambira mu 2011, ndipo lamulo latsopano linabwera mu 2023. Wantchito amapereka osachepera 5 pa 100, bwana amawonjezera osachepera 10 pa 100 kuchokera m'thumba mwake. Pa K182,000 ya mayi uja, K9,100 ichoka pa malipiro ake, K18,200 ichoka kwa inu, ndipo zonse zipita ku kampani ya penshoni komwe mwawalembetsa. M'masamu a pamwambawa penshoni sitinaichotse kuti manambala asachuluke. Mukawalembetsa, ikani mzere wake pafupi ndi wa msonkho. Choipa kwambiri ndi kudula 5 pa 100 ya munthu n'kuisiya m'kabati.

Wina akayamba kapena kusiya ntchito pakati pa mwezi?

Woyamba pakati pa mwezi muwerengereni masiku a ntchito kuyambira tsiku lomwe analowa. Wa K156,000 atayamba Lolemba pa 20 Okutobala, masiku ake mpaka pa 31, kupatula Lamulungu la pa 26, ndi 11, ndiye alandire K66,000. Wosiya naye chimodzimodzi, koma muwonjezere livi yomwe sanatenge. Mtsikana uja atasiya lero, masiku ake 8.75 pa K3,000 ndi K26,250. Mayi, ndi masiku 15 otsala aja pa K7,000, ndi K105,000, osawerengera omwe wasunga m'chaka chatsopano. Zonsezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Wolandira pa mwezi amafunika chidziwitso cha mwezi umodzi, kaya akusiya ndi iye kaya mukumusiyitsa ndi inu. Ndipo ngati mukumusiyitsa chifukwa malonda atsika, pali ndalama zina za kusiyitsidwa ntchito zomwe zimatengera zaka zomwe wagwira. Musanamuuze, kafunseni ku ofesi ya zantchito kuti akuwerengereni.

Ndidziwa bwanji kuti masamu anga ali bwino ndisanapereke ndalama?

Phatikizani mbali ziwiri zija padera, muone ngati zikukumana. Zomwe atatuwa agwirira ndi K192,500, K162,000 ndi K65,250, pamodzi K419,750. Zomwe mupereke m'manja ndi K146,875, K81,000 ndi K55,250, pamodzi K283,125. Kusiyana kwake ndi K136,625, ndipo kuyenera kupezeka konse m'kope: maadivansi atatu a K80,000, katundu wa K18,500, kubweza ngongole K32,500, ndi msonkho wa K5,625. Mukaphatikiza zinayizi mupeza K136,625 ndendende. Zikapanda kukumana, kawirikawiri pali adivansi yomwe yachotsedwa kawiri kapena yomwe yaiwalika.

Masamuwa amaululanso china. Mwini shopu amene amangoona zotuluka pa 31 amaganiza kuti antchito amamudyera K283,125 pa mwezi, n'kuika mitengo ya katundu potengera nambala imeneyo. Mtengo weniweni ndi K419,750, penshoni ya bwana isanalowe. Ndalama zinazo zinatuluka kale pang'onopang'ono, m'maadivansi, mu shuga ndi mu sopo.

Pomaliza lamulo limafuna kuti pa malipiro aliwonse wantchito alandire kapepala kosonyeza zomwe wagwirira, chilichonse chomwe chachotsedwa ndi chifukwa chake, ndi zomwe walandira m'manja. Sikafunika makina. Buku la malisiti lokhala ndi kaboni likwanira: tsamba lapamwamba atenge iye, lapansi litsale ndi inu, onse awiri mutasaina. Nkhani ikadzafika ku ofesi ya zantchito ku Mzimba, kapena ikadzapitirira mpaka ku bwalo la milandu ya zantchito ku Mzuzu, adzakufunsani masamba amenewa pamodzi ndi kope la maola olowera ndi otulukira. Pa kapepala ka mnyamata uja, pansi pa K81,000, onjezani mzere umodzi: ngongole yotsala, K117,500.